Yesani nsalu pansi pa chibwano: mmene mungapezere mitundu yokukhalani

Nsalu ikhoza kukongola ili pachingwe cha wogulitsa, koma n'kukukanani mutaivala. Ndakhala pa makina osokera zaka zambiri, ndipo dandaulo limene limandipeza kawirikawiri ndi lakuti, "Atelala, mwandionongera nsalu yanga," chonsecho msoko uli bwinobwino, muyezo uli ndendende. Chalakwika ndi mtundu. Wafika pafupi ndi nkhope, ndipo nkhopeyo yatuwa ngati ya munthu amene wangodzuka kumene pa malungo.

Tiyambe taiwala kaye zimene tinakula tikumva, zoti munthu wakuda asavale zowala, ndiponso zoti woyera chilichonse chimamukhala. Zonse ziwirizi n'zabodza. Khungu lili ndi zinthu ziwiri zosiyana. Choyamba ndi chimene aliyense amaona: wakuda bii, woderapo, woyererako. Chachiwiri ndi kamtundu kobisika kamene kamaonekera pansi pa kuda kapena kuyerako. Imikani anthu awiri akuda mofanana pakhonde, muwayang'anitsitse. Wina khungu lake limanyezimira ngati uchi kapena mkuwa, ndiye kuti lapendekera ku chikasu. Wina limanyezimira ngati khungu la biringanya, lapendekera ku buluu. Aliponso ambiri amene ali pakatikati. Kamtundu kachiwirika ndi kamene kamagwirizana kapena kukangana ndi nsalu, ndipo sikasintha kwenikweni ngakhale dzuwa la Okutobala litakudetsani.

Chifukwa chake chinadziwika kalekale, ndipo chinatulukira m'fakitale ya nsalu momwe. Michel Eugène Chevreul anali mkulu woyang'anira zonyika ulusi pa fakitale ya Gobelins ku Paris. Anthu ankadandaula kuti ulusi wakuda wa kumeneko sukuda mokwanira. Iye atafufuza anapeza kuti utoto unalibe vuto: ulusiwo unkaoneka wosuluka chifukwa cha mitundu imene inkalukidwa moyandikana nawo. Analemba zimenezi mu 1839. Diso silitha kuona mtundu pawokha, limauona mouyerekeza ndi woyandikana nawo. Nkhope yanu ndiye ulusi uja, kolala ya shati kapena duku ndiye woyandikana nawo.

Mwina munamvapo zoyang'ana mitsempha ya padzanja, kuti ikaoneka yobiriwira ndinu a mbali iyi, ikaoneka ya buluu ndinu a mbali inayo. Pa khungu la ambiri a ife mitsemphayo sioneka n'komwe, ndiye musataye nthawi. Palinso njira ina imene inatchuka ku America m'zaka za m'ma 1980, yogawa anthu m'magulu anayi potengera nyengo za chaka cha kumeneko. Mmene inkagwiritsidwira ntchito poyamba, pafupifupi anthu akuda onse inkawaunjika m'gulu limodzi, ngati kuti tonse tinaumbidwa ndi dothi la pachulu chimodzi. Njira imene ndimadalira ine ndi yoyesa nsalu yeniyeni pa nkhope yeniyeni.

Choyamba, konzani malo ndi nkhope

Tulutsani kalilole panja. Malo abwino ndi pakhonde kapena pafupi ndi windo lalikulu, pamthunzi koma pamene kuwala kwa masana kukufika mokwanira. Nthawi yabwino ndi cha m'ma 9 kapena 10 koloko m'mawa. Dzuwa lamadzulo limafiiritsa chilichonse, ndipo dzuwa laliwombo likakumenyani mwachindunji limakumba mithunzi m'munsi mwa maso. Pansi pa mtengo wamango musapiteko, chifukwa masamba amaponyera kubiriwira pankhope. Khoma lopakidwa penti wowala, kaya wapinki kaya wobiriwira, limachitanso chimodzimodzi. Babu la m'nyumba lokha ndiye ayi: lachikasu limakometsa nsalu zonse za mbali ya chikasu, loyera kwambiri lija limakometsa za buluu.

Sambani kumaso, musadzole phoda kapena chilichonse cha pamilomo. Mafuta okha dzolani pang'ono monga mwa masiku onse, makamaka m'miyezi ya Juni ndi Julaye pamene mwera umatituwitsa. Khungu louma limaoneka mbuu ndi nsalu iliyonse, ndipo mungathe kukana mtundu wosalakwa. Ngati mwavala wigi kapena mwaluka mesh ya mtundu, bisani tsitsilo ndi kansalu kotuwa, pokhapokha ngati ndi mmene mumakhalira chaka chonse. Vulani ndolo ndi mkanda.

Itanani munthu mmodzi woti akuthandizeni, koma asakhale wokunyengererani. Mlamu amene amanena chilungamo osaopa ndiye woyenera ntchito imeneyi.

Chachiwiri, sonkhanitsani nsalu ziwiriziwiri

Apa ndi pamene ambiri amaphonya. Amafunsa kuti, "Kodi chofiira chimandikhala?" Funso limenelo lilibe yankho, chifukwa zofiira zilipo zambiri. Pali kufiira kwa phwetekere wakupsa, kumene kuli ndi kachikasu mkati. Pali kufiira kwa madzi a chidede, kumene kwapendekera ku pepo. Munthu mmodzi akhoza kuwala ndi kumodzi n'kuzimirira ndi kwinako. Ndiye musafunefune mtundu, funani mapasa a mtundu umodzi, wina wa mbali ya chikasu, wina wa mbali ya buluu.

Simukufunika kugula kanthu. Fufuzani m'sutikesi, bwerekani kwa anansi, kapena pitani kwa telala wanu mukapemphe zidutswa zotsala. Zikhale za mtundu umodzi zopanda maluwa, ndipo chilichonse chikule mokwana kuphimba mapewa ndi chifuwa, ngati pilokesi. Zoyera zikhale ziwiri: yoyera mbee ngati ufa woyera, ndi ya kirimu ngati mgaiwa. Zofiira ziwiri zija, phwetekere ndi chidede. Zachikasu, ina yakuya ngati chikasu chothira m'ndiwo, ina yopepuka ngati ndimu. Zobiriwira, ina ngati mkati mwa peyala, ina yakuya ngati botolo lobiriwira. Mukapeza pinki ziwiri, ina yopita ku papaya, ina yopita ku pepo, ndiye mwalemera. Onjezerani chinthu chagolide ndi chasiliva, ngakhale pepala lonyezimira lokulungira mphatso limagwira ntchito.

Chachitatu, yesani, ndipo muyang'ane nkhope osati nsalu

Khalani pampando moyang'ana kalilole. Wokuthandizaniyo ayale nsalu ziwiri za mapasa amodzi pachifuwa panu, ina pamwamba pa inzake, zifike pansi penipeni pa chibwano. Yang'anani nkhope yanu kwa kanthawi, kenaka achotse ya pamwambayo mwachangu. Kusinthako kumaoneka bwino m'kamphindi koyamba komweko, diso lisanazolowere. Bwerezani katatu, mukusinthanitsa yoyamba.

Chovuta kwambiri n'kuletsa maso kuthawira pa nsalu. Ukaikonda nsalu, mtima umaiikira kumbuyo. Dzikakamizeni kuyang'ana malo anayi okha: m'munsi mwa maso, mozungulira pakamwa, milomo, ndi mzere wa nsagwada. Mtundu ukakhala wanu, mithunzi ya m'munsi mwa maso imachepa, zipsera za ziphuphu zakale zimabisala pang'ono, milomo imaoneka yamoyo, zoyera za m'maso ndi mano zimayera, ndipo nsagwada imadulika bwino kusiyana ndi khosi. Ukakhala wolakwika, mozungulira pakamwa mumatuwa ngati mwadya chinangwa chouma, kapena nkhope yonse imachita chikasu ngati mukudwala, ndipo mawanga amene simuwaona masiku onse amatulukira poyera. Chizindikiro china chosavuta ndi ichi: tsinzinani, tsegulani. Ngati choyamba kuona ndi nsalu, nkhope n'kubwera pambuyo, nsaluyo yakuposani mphamvu.

Lembani wopambana pa mapasa alionse. Mukapeza kuti mgaiwa, phwetekere, chikasu, peyala ndi golide ndi zimene zikupambana, khungu lanu ndi la mbali ya chikasu. Mitundu yanu ndi monga olenji, katondo, khofi, masitadi, kubiriwira kwa masamba ouma pang'ono, kirimu, ndi buluu wopita ku kubiriwira ngati madzi osaya a m'mphepete mwa nyanja. Mukapeza kuti ndi ufa woyera, chidede, ndimu, botolo ndi siliva, ndinu a mbali ya buluu. Mitundu yanu ndi buluu wowala, nevi, pepo wa maluwa a jakaranda ndi wakuya womwe, maruni, pinki wamphamvu, ndi yoyera mbee. Zikagawanika, zitatu uku ziwiri uko, simunalakwitse, muli pakati, ndipo kwa inu nkhani yaikulu ndi imene ikubwerayi.

Foni musaikhulupirire pa ntchito imeneyi. Kamera imadzisinthira yokha kuwala ndi mtundu malinga ndi chimene chili patsogolo pake, ndipo mukavala choyera imatha kudetsa nkhope, mukavala chakuda n'kuiyeretsa. Zithunzi ziwiri zojambulidwa pamalo amodzi zimatha kukuonetsani anthu awiri osiyana.

Chachinayi, onani kuya ndi mphamvu ya mtundu

Mukadziwa mbali yanu, mwangofika theka la ulendo. Mtundu uliwonse ulinso ndi kuya kwake, kuchokera kotuwira mpaka koderatu, komanso mphamvu yake, kuchokera kowala kwambiri mpaka kofooka ngati wathiridwa phulusa.

Lamulo limene ndaliona likugwira ntchito nthawi zambiri ndi lakuti nsalu ya pafupi ndi nkhope isiyane ndi khungu moonekeratu, ikhale yoyererapo kapena yoderapo, isafanane nalo ndendende. Bambo woderapo akavala shati ya bulawuni wofanana ndi khosi lake, ukamuonera patali sudziwa pamene shati yathera. Mayi woyererako akavala diresi ya kirimu wopita ku khaki amaoneka ngati wasuluka yense. Bulawuni si woletsedwa, koma atsike kapena akwere masitepe awiri kuchokera pa khungu.

Amene ali akuda kwambiri ali ndi mwayi umene ambiri amauopa: khungu lawo limasenza mitundu yamphamvu imene imameza ena. Chikasu chowala, olenji, pinki wamphamvu, yoyera mbee, zonsezi zimakhala pa iwo mwaulemu. Mdani wawo ndi mitundu yofooka ya phulusa, monga pinki wosuluka, gireyi wotuwa ndi khaki wakufa, chifukwa imakokera khungu ku kutuwa. Yakuda bii nayonso ndi yofunika kusamala nayo: siipa, koma imameza maonekedwe a nkhope, makamaka madzulo ndi pa zithunzi, ndiye imafuna kolala yoyera, mkanda kapena mpango wowala pakhosi. Oderapo amakhalidwa kwambiri ndi mitundu yakuya koma yoyera bwino, monga maruni, botolo, nevi, masitadi. Oyererako asamale ndi chikasu chopepuka, chimene chimatha kuwaonetsa ngati odwala, ndipo mitundu yowala monyanya imatha kufika m'chipinda iwo asanafike.

Kuti muyese zimenezi, tengani nsalu zitatu za mtundu umodzi wa mbali yanu, yotuwira, yapakati ndi yakuya, muchite monga munachitira poyamba paja.

Pali kanthu kena kamene ndiyenera kunena mosabisa. Amene amadzola mafuta oyeretsa khungu amakhala ndi nkhope yosiyana ndi khosi ndi manja, nthawi zina yofiirira m'masaya. Pamenepo kuyesa konseku kumasokonekera, chifukwa mtundu umene wagwirizana ndi nkhope umakangana ndi mikono, ndipo nsalu yobiriwira imachititsa kufiirako kuonekera kwambiri. Telala sangakonze zimenezo.

Chachisanu, chitenje cha mitundu yambiri

Zovala zathu zambiri si za mtundu umodzi, ndiye funso limabwera: nanga chitenje chokhala ndi mitundu isanu ndichiweruze bwanji? Chipachikeni, bwererani m'mbuyo masitepe asanu, mutsinzine pang'ono. Maluwa amasungunuka, n'kutsala mtundu umodzi umene ukulamulira. Umenewo ndiye muuweruze. Chitenje cha timaluwa tating'ono ta buluu ndi tachikasu chimatha kuoneka chotuwa kapena chobiriwirako ukachionera patali, ndipo anthu a kutchalitchi adzakuonerani patali pomwepo, osati pamphuno.

Chitenje cha maluwa akuluakulu chili ndi ubwino wina: inu ndi telala mukhoza kusankha chigawo chimene chidzafike pakhosi. Muuzeni asanadule. "Duwa la olenjili likhale pachifuwa, la pepoli lipite kumunsi." Zimadya nsalu yochulukirapo, ndiye ngati mumasoketsa diresi ndi mamita anayi, gulani asanu ndi limodzi.

Pogula, kaya ndi ku Taifa ku Mzuzu, ku Limbe kapena pa kaunjika wa ku Tsoka ku Lilongwe, kumbukirani kuti mabenchi ambiri amafoleredwa ndi mapepala apulasitiki kapena malona a mtundu, ndipo kuwala kodutsa pamenepo kumanamiza. Pemphani mwaulemu kutuluka nayo nsaluyo masitepe awiri, muiike pansi pa chibwano, muyang'ane pa kagalasi ka m'chikwama. Ganiziraninso za mawa lake. Chitenje chatsopano chimakhala ndi kunyezimira kumene kumachoka mukachichapa koyamba, ndipo nsalu ya thonje imasuluka ndi dzuwa. Nevi wotchipa amasanduka wotuwa, wakuda amapita ku bulawuni. Yanikani pamthunzi, mutatembenuza kunja kukhale mkati, apo ayi mtundu umene munausankha mosamala udzasanduka wa phulusa uja umene munaukana.

Nsalu ikakhala yosasankha nokha

Chaka china mng'ono wanga anabwera ndi nsalu ya chinkhoswe cha kuchimuna kwake. Akuluakulu a banja anasankha okha, aliyense wa mbali imeneyo avale yomweyo: masitadi wofooka wokhala ndi masamba a bulawuni. Mng'ono wangayo ndi wakuda ndithu, wa mbali ya buluu. Titaiika pansi pa chibwano, milomo inatuwa nthawi yomweyo.

"Achemwali, ndiye ndikaoneka ngati ndachokera kuchipatala," anatero. "Kapena ndingonena kuti telala wachedwa nayo?"

"Ukanena zimenezo apongozi ako adzabwera kuno kudzandifunsa ine," ndinamuyankha. "Khala pansi."

Mtundu umagwira ntchito pa nkhope ukakhala pafupi nayo, pafupifupi chikhatho chimodzi kapena ziwiri kuchokera pachibwano, komanso pamutu. Kumunsi konseko ndi kwaulere. Tinayang'anitsitsa nsalu ija, n'kupeza kuti masamba aja anazunguliridwa ndi kamzere kakang'ono ka nevi. Ndinagula theka la mita la nsalu ya nevi yopanda maluwa. Khosi la diresi ndinalidula lotsika ngati chilembo cha V, kuti masitadi atalikirane ndi chibwano, ndipo m'mbali mwake ndinazunguliza nevi uja, mulifupi mwake masentimita asanu ndi limodzi. Yotsalayo inakhala ya duku: nevi kumphumi, kansalu ka chinkhoswe kopotedwa pamwamba kuti asaoneke ngati wagalukira banja. Ndolo anavala zasiliva. Nevi ndi wakuda ndithu, ndipo ndinkaopa kuti angafanane kwambiri ndi khungu lake, ndiye ndinasankha wowalirapo, wopita ku buluu weniweni. Titayesanso pakhonde, milomo inabwerera mwakale.

Chinsinsi chake n'chakuti mtundu wowonjezerawo uchokere m'nsalu momwemo. Tikanaika pinki, ngakhale amamukhala, akanaoneka ngati chigamba. Njira yomweyi imathandiza pa yunifomu ya kwaya, ya bungwe la amayi ngati malamulo ake akulola, kapena ya kuntchito.

Za duku ndi mpango

Duku ndi lovuta kuposa diresi, chifukwa limagunda pachipumi penipeni popanda tsitsi lolekanitsa. Mtundu wa duku ukhale umodzi mwa imene inapambana moonekeratu poyesa paja, osati wongololera. Nsalu yonyezimira ngati satini imaponyera mtundu wake pakhungu kuposa thonje, ndiye duku lobiriwira lonyezimira likhoza kubiriwitsa chipumi, pamene la thonje la mtundu womwewo silichita zimenezo. Mpango wa pakhosi ndiye chida chotchipa kwambiri chopulumutsira zovala zimene munagula kale molakwitsa. Bulauzi ya gireyi imene imakutuwitsani musaitaye, ikani mpango wa mtundu wanu pakati pa iyo ndi chibwano.

Za mashati a abambo

Abambo ambiri amagula shati yoyera osadziwa kuti zoyera zilipo ziwiri. Wa mbali ya buluu atenge yoyera mbee, wa mbali ya chikasu atenge ya kirimu pang'ono, imene ilinso ndi ubwino wakuti fumbi la katondo silionekera msanga pakolala. Buluu wotuwira wa mashati a ku ofesi amakhala pafupifupi aliyense, bola asakhale wosuluka. Pinki musamuope, achimwene: wopita ku papaya kwa a chikasu, wopita ku pepo kwa a buluu. Shati ya mizere kapena ya timabokosi muiweruze ngati chitenje, masitepe asanu kumbuyo. Ndipo jekete ikakhala ya mtundu wosakukhalani, shati ndi tayi ndi zimene zili pafupi ndi nkhope, ndiye zikhoza kuiwombola.

Chomaliza, sokani zidutswa zanu pa kakhadi

Pa zonse zimene zapambana, sankhani zochepa: mitundu iwiri yofatsa ya masiketi, mathalauza ndi majekete, monga nevi ndi gireyi wakuya kapena khofi ndi khaki, yoyera yanu imodzi, ndi mitundu itatu kapena inayi yowala ya mashati, mabulauzi, madiresi ndi maduku. Musanaivomereze, iyaleni yonse pamphasa muone ngati uliwonse wowala ukugwirizana ndi iwiri yofatsa ija. Umene ukukana, ngakhale ukukukhalani, udzangokhala m'sutikesi chifukwa chosowa chovalira.

Dulani kachidutswa ka uliwonse, kukula ngati bokosi la machesi, musokere pa kakatoni kokwana m'chikwama. Pa kaunjika belo likatsegulidwa sipakhala nthawi ya kalilole, aliyense akukoka chake. Tulutsani kakhadi, gundanitsani ndi chovalacho. Sichiyenera kufanana ndendende, chingooneka ngati cha banja limodzi ndi zidutswazo. Kakhadi komweko n'kamene mungatumize kwa wachibale wa ku Joni akafunsa kuti akugulireni diresi ya mtundu wanji, m'malo momuuza kuti "yofiira" n'kulandira chidede pamene inu ndinu a phwetekere. Imvi zikayamba kuchuluka, tulutsaninso kalilole pakhonde muyesenso, chifukwa tsitsi loyera limasintha mmene mitundu imakhalira pankhope, ndipo kirimu ndi khaki amene ankakukhalani kale akhoza kuyamba kukangana nalo.